Timu ikatuluka pakati pa mpikisano: momwe ndidayendetsera kalembera ndi ndondomeko ya masewero

Mpikisano wathu wa mpira wamiyendo udali wa matimu 16, mabwalo awiri. Ine ndidapatsidwa kaundula, kutanthauza kuti kulembetsa matimu, kugawa nthawi ya mabwalo ndi kuyankha mafoni a atsogoleri a matimu zonse zidali pamutu panga. Chimene ndidalimbikira anzanga a m'komiti tisadatulutse n'komwe fomu ndi chakuti tilembe kaye zimene tidzachite timu ikadzatuluka. Ena ankati n'kudziitanira tsoka, koma ine sindidagonje, chifukwa lamulo lopangidwa timu itatuluka kale aliyense amaliona ngati lokondera.

Ndiyambe ndi kalembera. Timu sinkawerengedwa kuti yalembetsa pokhapokha itabweretsa zinthu zitatu: fomu yosainidwa ndi mtsogoleri wake, mndandanda wa osewera osapitirira 18 wokhala ndi chithunzi cha aliyense, ndi ndalama yolowera yonse. Wobweretsa ziwiri zokha ndinkamulemba pa tsamba lina la oyembekezera, ndi tsiku komanso nthawi imene wafika. "Tisungireni malo, tibwera mawa" ndidamumva kwambiri, ndipo yankho langa lidali limodzi kwa onse, lakuti malo amasungidwa ndi risiti. Pafomupo ndidasiyanso malo a anthu awiri oyankhulira timu, chifukwa foni ya munthu mmodzi imazima pa tsiku limene ukumufunitsitsa. Kuseri kwa fomu n'kumene kudali malamulo a kutuluka, ndipo mtsogoleri ankasainanso pansi pake.

Malo 16 atadzaza sindidatseke chitseko. Matimu ena atatu adatsala pa tsamba la oyembekezera, mapepala awo ali okonzeka, ndalama yokha ndi imene sitidalandire. Timu yoyembekezera si yotaya. Mu 1992 Denmark idalowa mumpikisano wa mayiko a ku Ulaya m'malo mwa Yugoslavia kutatsala masiku ochepa kuti uyambe, ndipo chikho idatenga ndi iyoyo.

Ndondomeko ya masewero ndidaikonza maere asadachitike, ndipo simudali dzina la timu ngakhale limodzi. Mudali malo okha: A1 mpaka A4, B1 mpaka B4, choncho mpaka gulu D. Gulu la matimu anayi limasewera masewero 6 kuti aliyense akumane ndi aliyense, ndiye magulu anayi ndi masewero 24. Kuwonjezapo makotafainolo anayi, masemifainolo awiri ndi fainolo, onse pamodzi 31. Masewero aliwonse ndidawapatsa ola lathunthu: mphindi 20 chigawo choyamba, 5 zopuma, 20 chigawo chachiwiri, ndipo 15 zotsalazo zoti matimu atuluke, ena alowe, osewera aonedwe nkhope ndi zithunzi zawo. Amene amaiwala mphindi 15 zimenezi pofika masana amakhala atatsalira ola lonse, n'kuyamba kudula masewero a anthu osalakwa.

Ubwino wa mabwalo awiri ndi wakuti gulu limodzi limadzaza ola limodzi. Loweruka 8 koloko gulu A lidatenga mabwalo onse, A1 ndi A2 uku, A3 ndi A4 uko. 9 koloko gulu B, kenaka C, kenaka D. 12 koloko gulu A lidabwereranso, 1 kukumana ndi 3, 2 kukumana ndi 4, ndipo timu iliyonse idali itapuma maola atatu. Ulendo wachitatu, 1 ndi 4, 2 ndi 3, udali wa Lamulungu m'mawa, makotafainolo masana ake, ndipo masemifainolo ndi fainolo Loweruka lotsatira. Kuseweretsa masewero otsiriza a gulu nthawi imodzi kuli ndi chifukwa chake. Pa World Cup ya 1982, West Germany ndi Austria adasewera akudziwa kale zotsatira za Algeria, ndipo 1-0 imene idatuluka idapititsa onse awiri, Algeria n'kutsala. Kuchokera pamenepo FIFA idayamba kuseweretsa masewero otsiriza a gulu nthawi yofanana.

Maere tidachita atsogoleri onse akuona, aliyense kutola kapepala kolembedwa malo ake. Ine ndidangolemba maina pambali pa malowo, basi ndondomeko yatha.

Kutuluka koyamba kudabwera sabata yomweyo, mpira usadagundidwe. Timu ya B2 idati osewera ake ambiri sapezeka. Nkhaniyi ndidayamba kuimva kwa wosewera wina, ndipo sindidachitepo kanthu mpaka mtsogoleri amene adasaina fomu atanditumizira uthenga wolembedwa. Mphekesera sizichotsa timu mumpikisano. Uthenga utafika ndidaimbira timu yoyamba pa tsamba la oyembekezera, n'kuipatsa tsiku limodzi kuti ilipire. Idalipira, n'kukhala B2. Nthawi, bwalo, woyimbira, palibe chidasuntha, ndidangofufuta dzina n'kulemba lina, kenaka n'kuuza matimu atatu a gulu B. Timu yotulukayo tidaibwezera theka la ndalama monga mudalembedwera, chifukwa maere adali atachitika kale. Ikadatuluka maere asadachitike ikadalandira yonse.

Kovuta kudali kwachiwiri. Loweruka usiku mtsogoleri wa C3 adalemba kuti osewera ake angapo avulala, ena achoka, ndipo sangakwane ngakhale asanu ndi awiri amene malamulo a mpira amafuna kuti masewero ayambe. Apa timu yoyembekezera siingalowenso, chifukwa singatenge mapointi a eni ake, komanso singayambire pakati. Gulu C lidali chonchi: C1 ndi C2 adalepherana 1-1, C3 idagonjetsa C4 2-0, C1 idagonjetsa C3 1-0, ndipo C4 idagonjetsa C2 1-0. Choncho C1 idali ndi mapointi 4, C3 ndi C4 atatuatatu, C2 imodzi yokha. Kudatsala C1 ndi C4, komanso C2 ndi C3 yotulukayo.

Njira zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba ndi kusiya zotsatira zakale momwe zilili, masewero otsalawo n'kupatsa C2 kuti yapambana 3-0. Yachiwiri ndi kufufuta zotsatira zonse za C3 ngati kuti sidakhalemo m'gulumo. Taonani kusiyana kwake. Lamulungu m'mawa C1 idagonjetsa C4 2-1. Tikadatsata njira yoyamba, C1 ikadakhala ndi mapointi 7, C2 anayi, C4 atatu, ndipo C2 ikadapita ku makotafainolo osapambanapo masewero alionse pabwalo, n'kusiya C4 imene idagonjetsa C2 yomweyo dzulo lake. Ndi njira yachiwiri, C1 idatsala ndi 4, C4 ndi 3, C2 ndi imodzi, ndipo zidapitirira ndi C1 ndi C4. Zigoli zomwezo, koma timu yopitirira yosiyana.

Lamulo lathu lidali lachiwirili: timu ikatuluka isadamalize masewero ake a m'gulu, zotsatira zake zonse zimafufutidwa. Ndimalikonda chifukwa matimu otsalawo amayezedwa ndi masewero amene adasewera okhaokha, palibe wolandira mapointi ndi zigoli zitatu ali chikhalire. M'gulu la matimu anayi, mapointi atatu aulere ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a zonse zimene timu ingapeze, ndipo amagwera amene mwayi wa ndondomeko wamuika kumapeto. Mu ligi yaitali ya masewero ambiri ndikhoza kuganiza mwina, makamaka timu ikatuluka itadutsa theka, koma muno ayi.

Si kuti njirayi ilibe ululu. C1 idataya mapointi atatu amene idakhetsera thukuta. C2 idadzuka Lamulungu ilibe masewero, tsogolo lake lili m'miyendo ya ena. Choipitsitsa, C1 ndi C4 adalowa m'bwalo akudziwa kuti akalepherana apitirira onse, vuto lomwe lija limene tidalizemba poseweretsa nthawi imodzi. Gulu likatsala ndi matimu atatu vutoli silithawika, chifukwa timu imodzi imakhala panja nthawi zonse. Chimene ndidatha kuchita ndi kukumbutsa makochi awiriwo kuti woyamba m'gulu C akumana ndi wachiwiri wa gulu D, pomwe wachiwiri akumana ndi woyamba, ndiye malo oyamba adali oyenera kuwalimbirana. Adaseweradi moona mtima.

Mtsogoleri wa C2 adabwera patebulo nkhope itagwa. "Achimwene," adatero, "ife tabwera, tavala, iwowo ndi amene athawa. Tilangidwe ndife bwanji?" Ndidamumvetsa. Ndidatulutsa fomu yake, n'kuitembenuza, n'kumuwerengera ndime imene adasaina, kenaka tidakhala pansi n'kuwerengera limodzi mapointi m'njira zonse ziwiri papepala. Sadakondwe, koma adaona kuti lamulolo silidapangidwe usiku umenewo pofuna kupweteka timu yake. Ola lawo pa bwalo lachiwiri lidali lopanda kanthu ndipo woyimbira adali atafika kale, ndiye ndidawakonzera masewero apaubale ndi imodzi mwa matimu oyembekezera aja, amene osewera ake adabwera kudzaonerera.

Usiku wa Loweruka uja, uthenga utangofika, ndidatsata dongosolo ili. Ndidayamba ndi wapampando wa komiti kuti atsimikize kuti lamulo ligwira ntchito, kenaka atsogoleri atatu a gulu C, onse uthenga umodzi nthawi imodzi, wokhala ndi mapointi atsopano. Pambuyo pake wamkulu wa oyimbira, ndipo pomaliza matimu ena onse. Ndondomeko yatsopano ndidailemba tsiku ndi nthawi pamwamba, ndipo m'mawa ndidamatula yakale pa bolodi, chifukwa mapepala awiri osiyana akamazungulira pamakhala timu imene ifike pa bwalo lolakwika.

Pali zina ziwiri zimene zimasokonezedwa ndi kutuluka. Timu yochedwa kapena yosakwana pa masewero amodzi sinatuluke ayi. Tinkaidikira mphindi 15, ikalephera yagonja 3-0, koma masewero otsatira isewera. Ikachita zimenezi kawiri m'pamene tinkaiwerenga ngati yatuluka. China ndi osewera a timu yotuluka. Lamulungu lomwelo makochi awiri adandifunsa ngati angatenge wosewera kutsogolo wa C3 amene sadavulale. Ndidakana, chifukwa dzina likalembedwa pa mndandanda umodzi limakhala pomwepo mpaka mpikisano utatha, apo ayi matimu akhoza kumanyengerera anzawo kuti atuluke n'cholinga chogawana osewera.

Mu ndime ya chipulula zinthu n'zosavuta. Timu ikatuluka, imene ikadakumana nayo imangodutsa, ndipo yogonja kale siibwezedwa kuti idzatseke dzenjelo. Ndalama ya C3 sitidabweze. Koma chifukwa adatiuza usiku, osadikira kuti tidzaone tokha bwalo lili mbee m'mawa, komiti idagwirizana kuti chilango choletsa timu kulembetsa mpikisano wotsatira chisawakhudze, ndipo ndidawalembera kalata yowauza zimenezi sabata yomweyo.