Sabata ya 14: ndinaika mbale yanga ya masana pa sikelo

Miyezi itatu yakwana chiyambire kunyamula zitsulo kuseri kwa nyumba kuno kwa Kamwendo. Ndikati zitsulo musaganize za jimu ya ku tauni, ndi zitini ziwiri za penti zothira simenti ndi paipi pakati, kuphatikiza mtengo wa mango umene ndimadzikokerapo. Mphamvu zikubwera ndithu. Pa mtengo paja ndinayamba ndi maulendo 4, pano ndikufika 11 osapuma. Koma thupi lili pomwepo, makilogalamu 70, sabata yachisanu tsopano, ndipo chingwe choyezera mkono sichikusuntha. Mnzanga amene timanyamula limodzi anangoti, "Aise, iwe umadya ngati wolima fodya, osati ngati womanga thupi." Zinandiwawa, chifukwa ine mbale ndimadzaza. Ndiye Loweruka ndinabwereka kasikelo ka kukhitchini kwa alamu anga amene amaphika makeke, kaja kowerenga galamu imodziimodzi. Sikelo ya mavenda ogula soya siingathandize pa ntchito iyi, imalumpha zinthu zing'onozing'ono.

Ndiyambe ndi mlingo umene ndikuuthamangira. Kwa munthu wonyamula zolemera amene akufuna minofu ikule, akatswiri a zakudya zamasewera amati mapuloteni akhale pakati pa magalamu 1.6 ndi 2.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa tsiku. Ine ndinatenga wam'munsiwo, chifukwa thumba langa ndikulidziwa. Makilogalamu 70 kuchulukitsa ndi 1.6 zikupereka magalamu 112 pa tsiku. Kwathu timadya katatu, choncho mbale iliyonse iyenera kubweretsa pafupifupi magalamu 37. Amene amadya kanayi akhoza kutsika kufika pa 28. Nambala ya 37 ndiyo ndinalemba pamwamba pa tsamba.

Masana amenewo kunali nsima ya ufa woyera, nyemba, ndi nkhwani wotendera. Sindinapemphe ndiwo zapadera, ndimafuna mbale ya masiku onse. Akazi anga atandiona ndikuika mbale yopanda kanthu pa sikelo anafunsa kuti, "Abambo, kodi mwayamba kundikayikira kagawidwe?" Ndinawafotokozera kuti ndikadina batani lolembedwa TARE sikelo imabwerera pa 0, ndiye kulemera kwa mbale sikuwerengedwa. Anangoseka n'kundisiya.

Apa ndi pamene ndinadzinamiza koyamba, ndipo ndikulemba mwatsatanetsatane chifukwa ndikukhulupirira kuti ambiri amagwera pomwepa. Nyemba za m'mbale mwanga zinalemera magalamu 210. Ndinali nditalemba kale kuti nyemba zili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 22 pa magalamu 100 aliwonse. Nditachulukitsa ndinapeza 46. Ndinamwetulira, nkumati nyemba zokha zadutsa kale mlingo, mnzanga uja amangolankhula. Koma mtima sunakhazikike. Zikanakhala choncho, bwenzi mudzi wonse uno tili ndi zifuwa ngati zitseko.

Vuto linali pawiri. Loyamba, 22 ija ndi ya nyemba zouma, zimene zili m'thumba. Nyemba zikaphikidwa zimamwa madzi n'kulemera kuposa kawiri, moti magalamu 100 a zouma amasanduka 220 mpaka 250, koma mapuloteni sawonjezeka, madzi alibe kanthu. N'chifukwa chake nyemba zophika zimakhala ndi magalamu 8 kapena 9 okha pa 100. Lachiwiri, ndinayeza ndi msuzi womwe. Ndinatenga sefa, kutsanulira msuzi m'kapu, n'kuyezanso njere zokha: magalamu 110. Pafupifupi theka la zimene ndimazitcha nyemba linali msuzi wa tomato ndi anyezi. Njere za magalamu 110 zikupereka mapuloteni pafupifupi 10. Kuchoka pa 46 kufika pa 10! Msuzi uja ndinaubwezera m'mbale, musadandaule, ndipo uli ndi kanthu pang'ono kochokera ku nyemba zophwanyika, koma sindinauwerengere.

Nsima ndinaiyeza mwanjira ina, chifukwa nsima ya mayi uyu ndi ya mayi uyo sizifanana kulimba, ndipo kulemera kwa mtanda kumangokuuza kuchuluka kwa madzi. Ndinayeza ufa usanalowe mumphika. Ndinaika beseni la ufa pa sikelo asanayambe kuphika, n'kudzaliikanso atamaliza kuthyakula. Unachoka magalamu 600, ndipo anaomola mitanda 10. Ndiye kuti mtanda uliwonse uli ndi ufa wa magalamu 60. Ine ndimadya iwiri, ufa wa magalamu 120. Ufa woyera uli ndi mapuloteni pafupifupi 7 kapena 8 pa 100, choncho nsima yanga ikupereka 9. Mgaiwa ukanaposa pang'ono chifukwa mtima wa chimanga sunachotsedwe, koma kusiyana kwake pa mitanda iwiri ndi galamu imodzi kapena awiri, si koti n'kukanganirapo pakhomo.

Chimene chinandidabwitsa ndi nkhwani. Masamba okha ndi ochepa mphamvu pa nkhani iyi, ndinawapatsa 2. Koma nsinjiro ndi nkhani ina. Mtedza uli ndi mapuloteni pafupifupi 25 pa 100, kuposa nyemba zouma. Mumphika munalowa nsinjiro za magalamu 100, tinadya anthu asanu, gawo langa 20, mapuloteni 5. Ndiwo imene ndimaiona ngati yongoperekeza nsima inabweretsa 7, kutsala pang'ono kufanana ndi nyemba.

Kuphatikiza zonse: nsima 9, nyemba 10, nkhwani wotendera 7. Zonse 26. Mlingo ndi 37. Mbale yodzaza bwinobwino, yoti ukadya umafuna mphasa, inaperewera ndi magalamu 11.

Manambala awa si a mu labotale. Nyemba zimasiyana mitundu, chipande sichigawa mofanana, ndipo 26 yangayo ikhoza kukhala 23 kapena 29. Koma ngakhale nditadzikondera chotani, siifika 37. Pa zimenezi sikelo yabwereka ija yandikwanira.

Nanga 11 yotsalayo ichokere kuti? Maganizo oyamba a Mmalawi aliyense ndi kuwonjezera mtanda. Mtanda umodzi ukupereka 4 ndi theka, ndiye ndingafunike iwiri ndi theka pamwamba pa iwiri ija. Mimba singalole, ndipo ikalola chimene chingakule ndi mimbayo. Palinso nkhani ya mtundu wa mapuloteni. A m'chimanga ndi operewera kachigawo kena kotchedwa laisini, kamene thupi silingapange lokha koma limakafuna pomanga minofu. Nyemba zili nako kambiri, n'chifukwa chake nsima ndi nyemba zimakwanirana bwino. Kuchulukitsa nsima yokha ndi kuwonjezera mbali imene ili kale yopunduka.

Njira yosavuta kuwerenga ndi mazira. Dzira limodzi ndi magalamu 6, awiri ndi 12, nkhani yatha, palibe za madzi kapena msuzi. Koma mazira awiri pa mbale iliyonse, ana akuyang'ana, si chinthu chimene bambo wanzeru angachite tsiku ndi tsiku.

Usipa wouma ndiwo wandigwira mtima. Popeza madzi anachoka kale padzuwa, kuposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Ndinayeza kadzanja kamodzi: magalamu 25, mapuloteni pafupifupi 14. Kadzanja kamodzi kokha kakuposa nyemba zonse zija. Chenjezo ndi lomwe lija, muyeze usanaviikidwe kapena kuphikidwa. Komanso ngati kwanu mumadula mitu, yezani mutadula. Usipa wa pamsika nthawi zina umabwera ndi mchenga ndi zinyenyeswa pansi pa mulu, zimenezo sikelo imawerenga koma thupi silipindula nazo.

Nyama ya soya ija ya m'mapaketi nayo ili pafupi pomwepo, pafupifupi theka la kulemera kwake ikadali youma, ndipo nambala yeniyeni imalembedwa kuseri kwa paketi. Imeneyi ndiye imanamiza kuposa nyemba, chifukwa ikamwa madzi imafufuma kawiri kapena katatu, mbale n'kuoneka yodzaza nyama. Njira yabwino ndi kuwerenga kulemera kwa paketi, kugawa ndi chiwerengero cha anthu amene adye. Paketi imodzi yaing'ono yogawana anthu asanu siikupatsa zambiri monga maso amaonera.

Mtedza, poti kuno ku Mchinji ndiye kwawo ndipo tili ndi matumba awiri a CG7 m'nyumba, ndinauganizira kwambiri. Magalamu 45 okazinga akhoza kutseka 11 ija. Koma pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta, moti umabwera ndi mphamvu zambiri pa mapuloteni ochepa. Kwa ine amene sikelo yaima, zimenezo si zoipa, mwina n'zimene ndikusowa. Kwa mnzanga uja amene lamba wayamba kale kumuthina, usipa ndi wabwino kuposa mtedza. Ndipo ndimasankha, wofota ndi wachuku ndimataya, chifukwa chuku cha mtedza chimawononga chiwindi.

Lamulungu ndinabwerezanso mbale yomweyo, nsima mitanda iwiri, nyemba zotsala, nkhwani wotendera, kuwonjezapo usipa wa magalamu 25 wokazinga ndi tomato. Zinakwana 40. Mbale sinaoneke yaikulu kuposa ya dzulo lake, ndipo sindinakhute mopitirira.

Nditasangalala ndi 40 imeneyo ndinati ndiyezenso kadzutsa wa Lolemba, ndipo m'pamene ndinaona dzenje lenileni. Tiyi wopanda mkaka ndi mbatata ziwiri zophika za magalamu 300: mapuloteni osapitirira 5. Ndiye kuti masiku ambiri ndimapeza 5 m'mawa, 26 masana, mwina 26 madzulo, zonse 57, theka chabe la 112. Mbale ya masana imene ndimaiimba mlandu inali yabwinoko pa zitatuzo. Ngakhale nditakonza masana ndi madzulo kufika 40 iliyonse, ndi kadzutsa ameneyu ndingathere pa 85.

Choncho sabata ya 15 ndikulimbana ndi m'mawa. Ndakazinga soya wathu, ndipo mawa apita ku chigayo pamodzi ndi chimanga, magawo anayi a chimanga, gawo limodzi la soya. Soya ali ndi mapuloteni pafupifupi 36 pa 100, ndiye ufa wosakanizawu ukhala ndi pafupifupi 14. Phala la ufa wa magalamu 100 lothira nsinjiro za magalamu 30 lipereka 21, ndikaika dzira limodzi 27. Silikufika 37, koma kuchoka pa 5 ndi ulendo. Zitsulo sindisintha kalikonse, kulemera komweko ndi masiku atatu omwewo, kuti sikelo ikasuntha ndidziwe chimene chaisuntha. Kasikelo ka alamu ndalonjeza kubweza Lachinayi, akuti ali ndi keke ya chinkhoswe.