Mafunso awiri onse pafupifupi 23 peresenti, koma matenda ake osiyana

Sabata yatha inali ya mapepala basi. Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina kuno ku Angonia, kufupi ndi Ulongwe, ndipo chaka chino anandipatsa udelegado wa masamu, kutanthauza kuti mayeso akavuta amayamba kuitanidwa ndine. Tinalembetsa mayeso ana a kalasi 8, maturuma atatu, ana 148 onse pamodzi, mafunso 20 osankha A B C D, funso lililonse valori imodzi kuti zikwane 20 monga mwa nthawi zonse.

Lolemba m'mawa ndisanakhale n'komwe pansi a pedagojiko anandiitana, pauta, pepala la malikisi a ana, ili m'manja, akuti a delegado taonani funso 7 ndi funso 13, ana agwa ngati mango, mafunso amenewa ndi ovuta mopitirira, tingowachotsa tiwerengere pa 18. Ine ndinati bwana ndipatseni mpaka Lachinayi ndione kaye. Chifukwa kuchotsa funso n'kosavuta, koma ukachotsa usanadziwe chomwe chavuta chaka chamawa udzalembanso lomwelo.

Lolemba lonse ndi theka la Lachiwiri ndinangokhalira kutaipa mu Excel. Apa pali chinthu chomwe anzanga ambiri amalakwitsa, amalemba 1 ngati mwana wakhoza, 0 ngati walakwa. Ine ndimalemba chilembo chenichenicho chomwe mwana wasankha, ndipo akasiya osayankha ndimaika kamzere. Ndi zilembo 2960 zimenezo, zala zinachita kuuma ndi kuzizira kwa kuno, komanso magetsi anathima kawiri, koma popanda zilembozo zonse zomwe ndikufotokozazi sindikanaziona.

Nambala yoyamba ndi yosavuta, timaitchula p. Umawerenga ana omwe akhoza funsolo n'kugawa ndi ana onse. Funso 7 akhoza 34 mwa 148, ndiye p ndi 0,23. Funso 13 akhoza 33, p ndi 0,22. Dziwani kuti p ikakwera ndiye kuti funso ndi lophweka, ikatsika ndi lovuta, dzina lake m'mabuku limati ndi muyeso wa kuvuta koma imayenda chobwerera, zimasokoneza anthu. Pa mafunso a mayankho anayi munthu wongolotera atatsinzina amapeza pafupifupi 25 pa 100, ndiye funso likafika pa 0,23 lili pansi pa kulotera komwe. Apa a pedagojiko sananame, pa pepala onse awiri amaoneka ngati mapasa.

Nambala yachiwiri ndi yomwe imalekanitsa mapasawo. Umasanja ana kuyambira wa malikisi ambiri mpaka wotsiriza, n'kutenga 27 peresenti ya pamwamba ndi 27 peresenti ya pansi. Nambala ya 27 imeneyi anabwera nayo ndi Truman Kelley mu 1939, si yongopeka. Kwa ife 27 peresenti ya 148 ikubwera ana 40, ndiye 40 akumwamba, 40 akumunsi, 68 apakati timayamba tawasiya. Kenako akumwamba omwe akhoza kuchotsapo akumunsi omwe akhoza, kugawa ndi 40, yankho lake timalitchula D, osati D wa mayankho osankha aja. Laputopu yanga ili m'Chipwitikizi, funso 7 lili mu kolamu H, yankho lake lolondola ndi C, ndiye ndinalemba chonchi nditasanja kale:

```
=CONT.SE(H2:H149;"C")/148
=(CONT.SE(H2:H41;"C")-CONT.SE(H110:H149;"C"))/40
```

Amene Excel yanu ili m'Chingerezi ngati anzathu a ku Dedza uko, ndi COUNTIF, ndipo nthawi zambiri imafuna koma m'malo mwa semikoloni ameneyo.

Funso 7 linali loti 1/2 + 1/3, mayankho A 2/5, B 1/6, C 5/6, D 2/6. Akumwamba 22 anakhoza, akumunsi atatu okha. 22 kuchotsa 3 ndi 19, kugawa 40, D ndi 0,48. Muyezo womwe ambiri timatsatira, wa Robert Ebel, umati D ikafika 0,40 kupita m'mwamba funsolo ndi labwino kwambiri, ikatsika pansi pa 0,20 liyang'anitsitseni. Ndiye funso 7 likugwira ntchito yake bwinobwino, odziwa akukhoza osadziwa akugwa. Koma chomwe chinandikhalitsa chete ndi komwe ogwawo anapita. Ana 88 mwa 148 anasankha A, 2/5, akumunsi 29 ndipo ngakhale akumwamba 15. Anawa sanalotere ayi, akanalotera akanamwazikana pa zilembo zonse. Anawerengera ndithu, anaphatikiza zapamwamba 1 ndi 1 kukhala 2, zapansi 2 ndi 3 kukhala 5, n'kukhala mtima uli m'malo kuti akhoza. N'chifukwa chake p inatsika kuposa ya munthu wolotera, pali msampha umodzi womwe ukukoka kalasi yonse.

Ndinaitana mtsikana wina wa m'gulu lakumwambalo pa nthawi ya buleki, ndinamufunsa kuti iwe, ukadya theka la chikondamoyo kenako n'kuonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu, wadya kuposa theka kapena kuchepera theka? Akuti kuposa aphunzitsi. Ndinati nanga 2/5 ndi yoposa theka? Anayang'ana pepala lake kanthawi, kenako anangogwira pakamwa. Funso limeneli si lovuta mopitirira, zinthu zake anayenera kubwera nazo kuchokera ku pulaimale, vuto ndi loti ifeyo tinangodutsapo poganiza kuti akudziwa kale. Kulichotsa kukanakhala ngati kuswa galasi chifukwa lakuonetsa chipsera.

Funso 13 ndi nkhani ina. 2x + 6 = 20, mayankho A 13, B 7, C 10, D 14. Pa pepala la mayankho lomwe tinachongera, lomwe kuno timangoti shavi, panalembedwa D. Akumwamba omwe anasankha D anali 4, akumunsi 12. 4 kuchotsa 12, kugawa 40, kwabwera -0,20. Nambala ikakhala ndi mainasi chonchi ndiye kuti ana ofooka akukhoza kuposa ana anzeru, ndipo zimenezo sizichitika chifukwa choti funso ndi lovuta. Funso lovuta zedi D yake imatsikira cha ku 0 chifukwa onse akungolotera, koma ikalowa pansi ndithu chonchi kawirikawiri pali cholakwika, mwina shavi, mwina mayankho awiri onse ndi olondola, mwina funso linalembedwa mozungulira moti woganiza kwambiri ndiye amasochera.

Nditayang'ana zilembo za akumwamba, 33 mwa 40 anali pa B. Akumunsi anamwazikana, A 11, B 9, C 8, D 12. Ndinatenga bolopeni, 20 kuchotsa 6 ndi 14, kugawa 2 ndi 7. B. Ana analondola, shavi ndi yomwe inalakwa, ndipo aphunzitsi atatu tinachonga mapepala 148 tikungoyang'ana chilembo osawerenga funso. Manyazi ake sindingawafotokoze. Nditafufuza ndinapeza kuti pa pepala loyamba 7 anali pa D, potaipa komaliza tinasinthanitsa mayankho kuti ma D asachuluke, shavi inatsala yakale. Ndipo wosinthanitsayo ndinali ine ndemwe, usiku, ndikuthamangira kukasindikiza.

Nditakonza shavi funso lija linasanduka lina. Okhoza 79 mwa 148, p ndi 0,53, D ndi 0,60, limodzi mwa mafunso abwino kwambiri pa pepala lonse. Kunena zoona ukasintha shavi malikisi onse amasintha, ndiye umayenera kusanjanso ana n'kuwerengeranso, ndinatero ndipo ana angapo anasinthana magulu koma chithunzi chinali chomwecho.

Lachitatu mnzanga wina wa turuma B, bambo wamkulu ndithu amene anayamba kuphunzitsa ine ndili pa benchi, anaona tebulo langa n'kuloza funso 1, akuti achimwene nanga ili, D yake 0,13, malinga ndi muyezo wanuwo si lotaya? Funso 1 anakhoza 141, p ndi 0,95, akumwamba onse 40, akumunsi 35. Ndinati akuluakulu taonani, olakwa ndi ana 7 okha pa sukulu yonse, ngakhale onsewo akanakhala akumunsi D ikanangofika 7 kugawa 40, yomwe ndi 0,18. Funso lophweka chonchi silingakhale ndi D yaikulu ngakhale litalembedwa bwino chotani, ndiye muyezo wa Ebel sungaligwire mlandu. Chofunika ndi kufunsa kuti tinaliika dala kapena ayi. Ili tinaliika dala, loyamba, kuti mwana akhazikike mtima, komanso ndi chinthu chomwe timafuna aliyense adziwe. Likanakhala funso lomwe ife timayembekeza kuti likhala lovuta kenako n'kubwera 0,95, pamenepo ndikanakayika, mwina mayankho olakwika ndi opusa kwambiri moti mwana amawataya osawerengera, mwina wina analithetsa pa bolodi dzulo lake. Ndipo mafunso a 0,95 akakhala 10 pa pepala la 20 ndiye kuti theka la mayeso silikukuuzani chilichonse. Limodzi kapena awiri palibe vuto. Anagwedeza mutu koma sindikudziwa ngati anavomera, anangoti masiku ano ana inu ndi makompyuta.

Kamzere kaja kanandithandiza pa funso 20. p yake 0,30, okhoza 45, kuoneka ngati lovuta. Koma ana 41 sanayankhe n'komwe, pomwe mafunso oyambirira osayankha anali mmodzi kapena awiri. Mwa 107 omwe anafikapo, 45 ndi 0,42. Imeneyo ndi nthawi inatha, komanso funsolo linali ndi mizere isanu ya Chipwitikizi, ana athu ambiri kunyumba amayankhula Chichewa ndiye kuwerenga kokha kumawadyera mphindi. Ngakhale 0,42 yo sindiikhulupirira kwenikweni chifukwa ofika kumapeto amakhala achangu kale.

Chenjezo limodzi kwa ofuna kuyesa. Manambalawa ndi a ana awa, pa tsiku ili. Funso 7 lomwelo mukalipereka ku Tete mtauni kapena ku Furankungo p ikhoza kukhala ina. Ndiponso ine ndinaphatikiza maturuma atatu dala, pa gulu la 40 mwana mmodzi amasuntha D ndi 0,025 yokha, koma mukatenga turuma imodzi ya ana 49 gulu limakhala la 13, mwana mmodzi akalotera bwino D yadumpha pafupifupi 0,08. Pamenepo 0,15 ndi 0,25 musamazisiyanitse kwambiri, yang'anani zazikulu zokha monga mainasi.

Lachinayi ndinabwerera kwa a pedagojiko ndi pepala limodzi. Funso 13 likhala, tichonganso ndi B, mwamwayi mapepala tinali tisanabweze kwa ana. 79 akwera ndi valori imodzi, 33 atsika ndi imodzi, ndipo ana 11 omwe anali pa 9 afika pa 10. Funso 7 likhalanso. Apa tinakanganako pang'ono, iwo amaganiza za pauta kuti ioneke bwino, ine ndinati bwana tikachotsa ana 88 apita kalasi 9 akuphatikizabe zapansi. Anavomera koma anati ndiye mubwereze phunzirolo nonse atatu sabata ikubwerayi.

Lachisanu tinachonganso funso 13 pa mapepala onse, aliyense atayamba wathetsa yekha pa kapepala, ndipo ine ndinapita ku msika kukagula zikondamoyo zitatu zoti ndikadule pamaso pa turuma A Lolemba.