Masekondi Khumi a Alamu Anga

Amayi a Mvano a mpingo wathu ku Ndirande ankafuna kavidiyo ka mphindi imodzi koonetsa mmene mayi wapantchito amayambira tsiku ndi pemphero. Anasankha alamu anga, amene amasoka zovala ku Limbe. Ntchito yojambula inagwera ine, popeza ndimagona pabalaza pawo ndipo ntchito ndilibe.

Usiku ndinalemba ndondomeko: zigawo zisanu ndi chimodzi, chilichonse masekondi khumi. Kuyamba ndi wotchi ikuloza 4:30, yojambulidwa pafupi. Kenako alamu atagwada, ndikuwajambula cha m'mbali kuti nkhope ioneke. Chala chikuyenda pa Salimo 121, phala likuwira pambaula, dzanja pamutu pa mwana wovala yunifolomu, potsiriza alamu akukwera minibasi. Foni iimirire, osati kugona chopingasa, chifukwa anthu adzaonera pa WhatsApp.

Kukucha, magetsi analibe. Foni ikajambula mumdima chithunzi chimachita mchengamchenga, choncho ndinabwereka tochi ya achimwene n'kuwalitsa khoma loyera kuti kuwala kubwerere kumaso mofewa. Pamenepo ndinadzimva katswiri.

"Alamu, apa mupemphere masekondi khumi okha," ndinanong'ona.

"Iwe, Mulungu amamuikira wotchi?"

Anagwada n'kuyamba. Anathokoza tulo, anapempherera ana, abwana awo, odwala, ngakhale makondakitala kuti asakweze mtengo. Kudula pemphero la munthu wamkulu ndi mwano, ndiye ndinangogwira foni, mkono ukunjenjemera. Mawu awonso ankapikisana ndi tambala wa aneba komanso galu. Zonse zitakhala bata, mawu a alamu anamveka bwinobwino: "Atate, kumbukirani mlamu wangayu. Mpatseni ntchito, achoke pampando wanga, pakuti wauboola pakati. Ndipo achepetse shuga mu tiyi."

Asananene ame, foni inalemba kuti malo adzaza. Phala linali litapserera, mwana akulirira sokosi, minibasi inapita ine ndikufufuta zithunzi za ukwati wa msuweni.

Mawa lake tinajambula zotsalazo, koma alamu anavala chitenje china. Polumikiza, mayi wagwada atavala chobiriwira, wadzuka atavala chofiira, ndipo zenera lomwe linali lakuda layera mwadzidzidzi. Pemphero anakana kubwereza. Akuti sapemphera za sewero.

Ndinamvetsera zonse kufuna masekondi khumi opanda tambala kapena galu. Analipo pamalo amodzi basi. Ndinafuna kuphimba ndi nyimbo, koma amayi a tcheyamani anati pemphero limveke.

Lachinayi anaonera onse. Tsopano ndikamadutsa pamsika wa Ndirande, amayi amene sindikuwadziwa n'komwe amandigwira dzanja mwachifundo: "Mwana wanga, ntchito ija yapezeka? Nanga shuga mwachepetsa?"