Rubuliki yanga yoyamba ija inali yabodza

Ndili pa tichingi pulakitisi pasukulu ina yake kuno ku Dedza, ndipo anandipatsa sitandade 4 kuti ndiwayese pa masewera olimbitsa thupi, kugubuduka chamtsogolo ndi mabalansi. Ndinalemba rubuliki, pepala lonena kachongedwe kake, usiku umodzi basi, magawo atatu: wachita bwino kwambiri, wachita bwino, akufunika thandizo. Ndinkadziona ngati dolo.

Mawa lake tinayala kamatiresi kakale pa kapinga mame atauma, ine ndi amadamu amene amandiyang'anira aliyense ndi pepala lake. Kamnyamata kena kanabwera kothamanga, fwiii kagubuduka kaimirira, anzake m'manja phwaphwaphwa. Ine ndinapereka bwino kwambiri, amadamu analemba akufunika thandizo. Mwana mmodzi yemweyo! Ndiye anangoti "aphunzitsi, tamuoneni pamutu." Udzu ndi fumbi la pamatiresi zinali pa liwombo penipeni, kusonyeza kuti thupi lonse linatsamira pamutu ndi pakhosi, pomwe pofunika kugunda pansi ndi kunkhongo ndi m'mapewa. Ine ndinachonga liwiro, iwo anachonga kagubudukidwe, ndipo pepala langa silimatiuza kuti tiyang'ane chani, mawu akuti bwino aliyense amawamva mwake.

Ndinakayambiranso. Pano kugubuduka ndakugawa pa zinthu 4 zoti diso lione, chilichonse malikisi 0, 1 kapena 2, zonse pamodzi 8. Poyambira mwana anyonyomale, manja aphwathalale pansi motalikirana ngati mapewa ake. Kenako mutu, chibwano chigunde pachifuwa ndipo matako akwere m'mwamba asanapidiguke. Chachitatu msana, ukhale wopindika ngati mpira mawondo ali pafupi ndi chifuwa, ndipo apa khutu limathandiza kuposa diso chifukwa mwana akatambasuka msanga mumamva kuti phii msana wonse wamenya pansi kamodzi, pomwe wopinda bwino samveka n'komwe. Chomaliza aimirire ndi mapazi onse awiri osadzikankha ndi manja kumbuyo. Kuimirira manja ali kutsogolo ndi 2, kudzikankha ndi manja ndi 1, kuthera chokhala pansi ndi 0.

Kamnyamata kaja titakayesanso ndi pepala latsopanoli kanapeza 2 poyambira, 0 pamutu, 1 pamsana, 2 poimirira, ndiye 5. Apa mpomwe ndinaona vuto lina, 5 pa 8 ndiye kuti wakhoza eti, chonsecho chinthu chimene walakwitsa ndi chomwe chingamupweteke khosi. Kuphatikiza malikisi kumabisa zimenezi. Ndiye ndaika lamulo pamwamba pa pepala: wapeza 0 pamutu sitiwonkhetsa, timamuimitsa, akayambe wayeserera kudzigwedeza chagada atakumbatira mawondo, adzayesedwe tsiku lina. Amadamu anandipatsanso nzeru yoti mwana apane kansalu pakati pa chibwano ndi chifuwa, kakagwa ndiye kuti wadzutsa mutu, palibenso zokangana.

Kamtsikana kena kamanyazi kanachita pang'onopang'ono moti pa rubuliki yakale ndikanakapatsa zapakatikati, koma kanapeza 7, kanangotaya 1 chifukwa kanagwira pansi poimirira. (Za atsikanazi, auzeni dzulo lake abwere ndi kabudula wamkati, apo ayi amagubuduka dzanja limodzi litagwira diresi n'kupita chammbali, ndiye mukuchonga manyazi osati luso.)

Mabalansi sanandivute kwambiri. Tikuchita kuima ndi mwendo umodzi phazi lina lili pabondo, ndi ija ana amati ndege, kuwerama mwendo wina utaloza kumbuyo manja atatambasula. Ndimaona ziwiri, kaimidwe ndi kudekha. Kudekha ndi masekondi 3 osasuntha, koma muyambe kuwerenga mwana akakhazikika osati akangonyamula phazi, ndipo werengani mokweza mofanana kwa aliyense, ine ndimati Dedza imodzi, Dedza ziwiri, Dedza zitatu, chifukwa ndinadzigwira ndikuwerenga mothamanga kwa ana amene ndimawakonda. Phee osasuntha ndi 2, kugwedera manja koma phazi lili pamalo pake ndi 1, kudumphadumpha kapena kutsitsa phazi ndi 0.

Chimene chikundisautsabe ndi nthawi. Kugubuduka kumatha m'masekondi awiri okha, zinthu 4 simungazione kamodzi, ndiye mwana aliyense amachita kawiri ine nditaima chammbali mwa matiresi osati kutsogolo, ulendo woyamba ndiona manja ndi mutu, wachiwiri msana ndi kaimiridwe. Ana 80 kuphatikiza mabalansi, piriyodi imodzi ndinangokwanitsa 22 belu n'kulira. Otsalawo ndawagawa magulu atatu, gulu loyamba Lachiwiri, bola kusazizire ngati lero chifukwa ana ouma ndi chisanu sapinda msana.