Mmene ndimasungira zithunzi za makadi kuti ndisatumizenso cholakwika

Ntchito yanga ndi yokonza makadi aukwati, achinkhoswe ndi zolemba za pamalaya a ziliza. Makasitomala ambiri timalankhulana pa WhatsApp, ndipo khadi limodzi limatha kusinthidwa katatu kapena kanayi lisanavomerezedwe. Tsiku lina mayi wina anandiimbira ali kale kosindikizira. "Achimwene, tanditumizireninso khadi lija msanga." Ndinatsegula Gallery, ndinaona makadi anayi ofanana ngati mapasa, n'kutumiza limodzi. Linali lachiwiri, lomwe tinali tisanakonze tsiku la ukwati. Makadi onse anasindikizidwa ndi tsiku lolakwika, ndipo ndinalipira ndine. Mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira mawu a mayiyo pafoni.

Usiku womwewo ndinakhala pansi kuti ndione pomwe panagona vuto. Chithunzi chobwera pa WhatsApp mufoni ya Android chimakhala ndi dzina lotere:

```
IMG-20240315-WA0007.jpg
```

Manambala apakatiwo ndi tsiku lomwe chithunzi chinalowa mufoni, osati tsiku la mwambo, ndipo dzinalo silinena kuti n'cha ndani. Gallery nayo imangoonetsa tizithunzi ting'onoting'ono, pomwe makadi anga amasiyana pa mzere umodzi wokha wa mawu. Maso sangakuthandizeni pamenepo.

Ndinayamba ndi mafoda. Mu pulogalamu yoonera mafayilo ndinapanga foda ya `Ntchito`, mkati mwake foda ya chaka, ndipo mkati mwa chakamo foda ya kasitomala aliyense. Ndinalekera pomwepo, chifukwa mafoda akachuluka umatopa kutsegula, kenako umayamba kungoponya paliponse. Foda ya kasitomala imayamba ndi tsiku lomwe anabweretsa ntchito, ndipo ndimalemba chaka poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku: `2024-03-11-ukwati-zomba`. Foni ikamasanja maina imawerenga kuyambira kumanzere, choncho mukayamba ndi tsiku, ntchito ya pa 02 Disembala idzakhala pamwamba pa ya pa 11 Marichi. Mukayamba ndi chaka, zonse zimafola zokha motsatira nthawi.

Chomwe chinandipulumutsa kwenikweni ndi nambala ya kumapeto. Ndikasintha khadi, ngakhale chilembo chimodzi, sindilemba pamwamba pa lakale. Ndimasunga latsopano ndi nambala yotsatira:

```
ukwati-zomba-khadi-01.jpg
ukwati-zomba-khadi-02.jpg
ukwati-zomba-khadi-03-lavomerezedwa.jpg
```

Ziro wakutsogoloyo musamusiye, popeza mapulogalamu ena amaika 10 pakati pa 1 ndi 2. Mawu oti `lavomerezedwa` ndimawawonjezera pokhapokha kasitomala atalemba yekha kuti zili bwino, ndipo amakhala pafayilo imodzi yokha mufodamo. Kale ndinkalemba kuti "lomaliza", koma ankolo akabwera n'kunena kuti dzina la mudzi lalakwika, ndinkapezeka ndi omaliza awiri. Tsopano akasintha maganizo ndimachotsa mawuwo pa 03, n'kudikira kuti avomereze 04. Ndikatsegula foda n'kupeza mafayilo awiri ali ndi mawu amenewa, ndimadziwa kuti china chasokonekera, ndipo situmiza kanthu mpaka nditawerenganso macheza athu.

Posintha dzina ndimasamala kuti `.jpg` yakumapeto isafufutike, apo ayi foni imatha kulephera kudziwa kuti ndi chithunzi. Zizindikiro monga `/` ndi `:` sindiziika m'dzina, Windows imazikana.

Zithunzi zomwe akwati anditumizira ndimazitenga kufoda ya `WhatsApp Images` posankha `Copy`, osati `Move`. Nditayamba ndinasamutsa zambiri ndi `Move`, ndipo nditabwerera m'macheza ndinapeza zithunzi zasanduka zachimbuuzi, sizikutseguka. Ndimakopera zithunzizi madzulo aliwonse ndisanatseke shopu, ndidakakumbukira kuti chithunzi chilichonse n'cha ndani. Mukadikira sabata, mwaiwala.

Kutumiza nako kuli ndi njira yake. Chithunzi chotumizidwa kudzera pa Gallery, WhatsApp imachichepetsa n'kuchipatsa dzina lina kwa wolandira, motero ntchito yonse yotchula maina ija imathera panjira, ndipo zilembo zing'onozing'ono sizituluka bwino papepala. Ine ndimadina kachizindikiro ka kapanirapepala kamene kali polembera uthenga, ndimasankha `Document`, n'kutenga fayilo mufoda yake. Imafika ndi dzina lake komanso kukula kwake konse. Bando imadyeka yochulukirapo, n'zoona, n'chifukwa chake makadi ongoonetsa ndimatumiza mwa nthawi zonse, koma lopita kosindikiza lokha ndilo limayenda ngati `Document`.

Mwezi watha bambo wina anafuna makadi ena owonjezera, patapita masabata atatu titamaliza ntchito. Ndinali m'minibasi. Ndinalemba `zomba` pofufuzira mafayilo, ndinasankha lokhala ndi `lavomerezedwa`, n'kutumiza. Kenako ndinawapempha kuti andiwerengere dzina la fayilo lomwe alandira asanapereke kwa wosindikiza. Atawerenga mpaka pa 03 ndi mawu ajawa, ndinawauza kuti asindikize.