Sabata imene tinawerenga soya ndi sikelo

Lolemba ndinalowa m'kalasi ya Fomu 3 nditanyamula thireyi ya mazira yopanda kanthu. Sukulu yathu ili kunja pang'ono kwa tauni ya Kasungu, ndipo ana ambiri ndi a alimi, motero nditafunsa kuti mathireyi atatu ndi mazira angati, onse anayankhira pamodzi kuti 90. Ndinawauza kuti molo, muyeso wowerengera maatomu ndi mamolekyulu mu kemisitiri, nayo ndi dzina la chiwerengero, monga thireyi kapena dazeni, kungoti chiwerengero chake ndi 6.02 × 10²³. Mtsikana wina wa kutsogolo anati, "Aphunzitsi, ndiye kuti ili ngati mulu wa tomato?" Funsolo linandisangalatsa, koma ndinamukonza: mulu umakula kapena kuchepa malinga ndi nyengo komanso mtima wa wogulitsa, pamene molo sisintha, kaya ndi ya mchere kaya ya madzi.

Chimene chimavuta ana si nambala yaikuluyo ayi. Chimawavuta n'chakuti magalamu akulowapo bwanji pa nkhani ya kuwerenga. N'chifukwa chake Lachiwiri ndinabwera ndi sikelo, soya ndi chimanga. Gulu lina linawerenga njere 100 za soya n'kupeza magalamu 15, lina linawerenga 100 za chimanga n'kupeza magalamu 30. Chiwerengero chimodzimodzi, kulemera kosiyana. Kenako ndinaika pasikelo jumbo ya soya ya magalamu 600 n'kuwauza kuti andiuze njere zimene zilimo osaimasula. Kunali zii kwa kanthawi, mpaka mnyamata wina anagawa 600 ndi 15 n'kupeza magulu 40, ndiye kuti njere pafupifupi 4,000. Ndinamuuza kuti wachita zimene akatswiri a kemisitiri amachita tsiku lililonse. Maatomu sitingawatole ndi zala, choncho timawawerenga poyeza kulemera kwake. Kusiyana kwake n'kwakuti njere za soya zina n'zonenepa zina n'zofwapa, pamene mamolekyulu a chinthu chimodzi tingawatenge kuti ndi ofanana.

Lachitatu tinagwira feteleza wa yuleya, amene aliyense wa iwo anathirako m'munda. Fomula yake ndi CO(NH₂)₂. Tinaphatikiza pabolodi kulemera kwa maatomu ake: kaboni 12, okosijeni 16, nayitirojeni awiri 28, hayidirojeni anayi 4, zonse pamodzi 60. Ndiye kuti molo imodzi ya yuleya imalemera magalamu 60, monga momwe njere 100 za soya zija zinalemerera magalamu 15. Ndinayeza magalamu 15 a yuleya papepala kuti awaone ndi maso. Tikagawa 15 ndi 60 tipeza 0.25, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo anayi a molo. Tikachulukitsa 0.25 ndi 6.02 × 10²³ tipeza mamolekyulu 1.505 × 10²³ m'kamulu kakang'ono koteroko.

Apa m'pamene ambiri anapunthwa. Nditafunsa maatomu a nayitirojeni amene ali m'kamuluko, anandibwezera yankho lomwelo. Ndinawafunsa kuti m'khola la nkhuku 50 muli miyendo ingati. Molekyulu iliyonse ya yuleya yasenza maatomu awiri a nayitirojeni, choncho yankho ndi 3.01 × 10²³. Ndimawaumiriza kuti asanakhudze kakyuleta adule mzere pansi pa mawu a m'funso: akufuna maatomu kapena mamolekyulu? Tinaonanso kuti 28 wa nayitirojeni uja mwa 60 ndi 46.7 peresenti, ndipo mnyamata wina anakumbukira 46 amene amalembedwa pathumba la yuleya. Nkhope yake inawala, inenso mtima unakhala m'malo.

Lachinayi tinabwerera chammbuyo, kuchoka pa chiwerengero kupita ku magalamu: mamolekyulu a madzi 1.204 × 10²⁴ amalemera bwanji? Timagawa ndi 6.02 × 10²³ n'kupeza mamolo awiri, ndipo poti molo ya madzi ndi magalamu 18, yankho ndi magalamu 36, madzi osadzaza n'kapu yomwe. Koma pochonga makope madzulo ndinapeza ana angapo atalemba mamolo 2 × 10⁴⁶. Njira anaidziwa, chinawaphonyetsa ndi kakyuleta. Anadina 6.02 kenako chizindikiro chochulukitsa ndi 10²³, ndiye makinawo anagawa ndi 6.02 yekha, n'kuchulukitsa zotsatirazo ndi 10²³.

Lachisanu ndinalemba pabolodi kadinidwe koyenera:

```
1.204 EXP 24 ÷ 6.02 EXP 23 =
```

Pa makakyuleta ena batani la EXP lalembedwa ×10ˣ. Popeza makakyuleta ndi ochepa, ankalandirana atatuatatu, aliyense kudina yekha mpaka 2 ataonekera. Kenako ndinawauza kuti achulukitse yankho lawo lolakwika lija ndi 18. Anapeza madzi olemera kuposa dziko lonse lapansi, ndipo mtsikana wa mulu wa tomato uja anatenga kope lake n'kuyamba kufufuta ndisanamuuze n'komwe.