Mmene ndinaikira `temperature` ndi `top_p` pa ntchito ziwiri za shopu ya ku Kamwala

Shopu ya mlamu wanga ku Kamwala imagulitsa nyali za sola, mabatire ndi mainiveta, ndipo magetsi akayamba kuzimazima mu Lusaka mauthenga a makasitomala amachuluka kwambiri moti munthu mmodzi sangathe kuwawerenga onse. Anandipempha kuti ndilumikize modelo ya chinenero, kutanthauza AI yowerenga ndi kulemba mawu, ku pulogalamu yawo kuti izigwira ntchito ziwiri. Yoyamba inali yosankhula mauthengawo m'magulu atatu, a ofunsa mtengo, a odandaula ndi a ofuna kuwatumizira katundu, ndipo yachiwiri inali yolemba timawu totsatsa malonda m'Chinyanja. Ntchito yoyamba imafuna kuti uthenga umodzi uzigwera m'gulu lomwelo lero ndi mawa, pamene yachiwiri imafuna kuti mawu asamabwerezedwe, choncho ndinadziwa kuyambira pachiyambi kuti manambala amodzi a `temperature` ndi `top_p`, amene amalamulira mmene modelo imasankhira mawu, sangakwanire zonse ziwiri.

Ndisanasinthe chilichonse ndinayamba ndakhala pansi ndi cholembera, chifukwa manambala amenewa savuta munthu akawawerengera yekha. Modelo imalemba kachidutswa kamodzi ka mawu pa nthawi imodzi, kamene amakatcha tokeni, ndipo isanasankhe imapatsa tokeni iliyonse mwayi wake. Tiyerekeze kuti yalemba kuti "Nyali iyi ndi" ndipo mawu otsatira ali ndi mwayi wotere pa 100: "yowala" 60, "yolimba" 25, "yotchipa" 10, "yowawasa" 5. Manambalawa ndangowapanga kuti chitsanzo chimveke, koma masamu ake ndi enieni. `temperature` ikakhala 1, mwayi umakhala monga momwe ulili. Ikakhala 0.5, nambala iliyonse imachulukitsidwa ndi iyo yomwe kenako zonse n'kugawidwanso kuti zikwane 100, ndipo zotsatira zake ndi pafupifupi 83, 14, 2 ndi zosakwana 1. Ikakhala 2, kusiyana kumachepa ndipo timapeza pafupifupi 43, 28, 17 ndi 12. Apa nyali yowawasa, imene palibe wogulitsa angailengeze, yayamba kutuluka pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu ndi atatu alionse. Choncho `temperature` siiwonjezera nzeru iliyonse m'modelo, imangokulitsa kapena kuchepetsa mpata pakati pa mawu amene modelo ikuwakhulupirira ndi amene ikuwakayikira.

`top_p` imagwira ntchito mwa njira ina, ndipo njira imeneyi inafalitsidwa ndi ofufuza mu 2019. Imandandalika matokeni kuyambira wa mwayi waukulu, n'kumawaphatikiza mpaka chiwerengero chifike pa malire amene mwaika, ndipo otsala onse amatayidwa. Ndi `top_p` ya 0.9 pa chitsanzo chathu, 60 ndi 25 zikupanga 85, zomwe sizinakwane 90, ndiye "yotchipa" akulowa ndipo tikufika pa 95, pamene "yowawasa" akutsala kunja kotheratu. Chimene ndimachikonda pa njirayi n'chakuti kukula kwa gulu losankhamo kumasintha kokha: pamene modelo ili yotsimikiza mumatsala tokeni imodzi kapena ziwiri, ndipo pamene njira zabwino zilipo zambiri mumatsala zambiri.

Komabe ziwirizi zimakokana, ndipo n'chifukwa chake makampani ena opereka mamodelo amalangiza kuti munthu asinthe chimodzi chokha. M'mapulogalamu ambiri `temperature` ndi imene imayamba, kenako `top_p` n'kudula. Tikabwerera ku manambala a `temperature` ya 2, mawu atatu oyamba akungokwana pafupifupi 88, osafika 90, motero "yowawasa" akulowanso ngakhale kuti `top_p` sinasinthe. Munthu akasuntha zonse ziwiri nthawi imodzi, zinthu zikaipa sangadziwe kuti walakwitsa ndi uti.

Pa ntchito yosankhula mauthenga ndinaika motere:

```
temperature = 0
top_p = 1
```

Pa 0 modelo imangotenga tokeni ya mwayi waukulu kuposa onse, ndipo `top_p` imakhala ilibe chochita. Ndinatenga mauthenga akale enieni, ena a Chinyanja chokhachokha, ena osakaniza ndi Chingerezi ndi Chibemba monga mmene anthu amalembera muno mu Lusaka, ndipo uliwonse ndinaupititsa mobwerezabwereza n'kuyerekeza mayankho. Ambiri ankagwera m'gulu lomwelo nthawi zonse, koma uthenga wina wochokera ku Matero unkasinthasintha. Unali wakuti "Batire munanigulisa sigwila, yanyowani ni zingati?" ndipo nthawi zina unkapita kwa odandaula, nthawi zina kwa ofunsa mtengo. Izi zimachitika chifukwa 0 salonjeza mayankho ofanana ndendende: makompyuta a kampani yopereka modelo amawerengera mafunso a anthu ambiri pamodzi, ndipo kusiyana kwakung'ono kwambiri pa masamu kungatembenuze matokeni awiri amene mwayi wawo uli pafupifupi wofanana. Makampani ena amapereka `seed`, nambala yoti modelo izisankha chimodzimodzi nthawi zonse, kuti zithandize, koma nayonso amangoti imayesetsa. Mankhwala ake sanali m'manambala ayi. Ndinawonjezera chiganizo m'malangizo a modelo chakuti uthenga wokhala ndi dandaulo komanso funso la mtengo uzipita kwa odandaula, ndipo kusinthasinthako kunaleka, popeza tsopano gulu limodzi linali ndi mwayi waukulu kwambiri kuposa linzake.

Tidziwenso kuti 0 sapangitsa yankho kukhala loona. Ngati modelo siidziwa mtengo wa iniveta, idzapeka mtengo wabodza, ndipo idzaubwereza mokhulupirika tsiku lililonse. Mitengo ya makwacha ndinaisiya kuti izichokera m'kaundula wa shopu.

Ntchito yotsatsa malonda ndi imene inafuna kuleza mtima. Ndinasiya `top_p` pa 1 n'kumakweza `temperature` pang'onopang'ono, ndipo pa sitepe iliyonse ndinkapempha timawu tingapo totsatsa nyali yomweyo n'kutiika pamodzi kuti ndiwerenge. Pa 0.3 pafupifupi tonse tinkayamba ndi chiganizo chimodzi chonena za kutsanzikana ndi mdima, ndipo tikatalika modelo inkabwereza mfundo imodzi kawiri kapena katatu. Pa 0.7 zinayamba kusiyana: kena kanakamba za mwana wolemba homuweki usiku, kena za mayi wogulitsa tomato pamsika wa Soweto dzuwa litalowa. Nditadutsa 1, Chinyanja chenichenicho chinayamba kuphwasuka. Munkatuluka mawu osapezeka m'chinenero chilichonse, kugwirizana kwa mawu kunkasokonekera mpaka kulemba "nyali ili" m'malo mwa "nyali iyi", ndipo mwina chiganizo chinkathera m'Chiswahili.

Kuphwasuka kumeneku kumafulumira m'Chinyanja kusiyana ndi m'Chingerezi, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mamodelo ambiri anaphunzira Chinyanja chochepa, choncho amadula liwu limodzi monga "tidzakutumizirani" m'matokeni angapo, ndipo pa tokeni iliyonse sakhala otsimikiza kwenikweni. Mpata wolakwitsa umakhalapo kangapo m'kati mwa liwu limodzi, ndipo kachidutswa kamodzi kakalakwika modelo imapitiriza kumanga pa cholakwikacho. N'chifukwa chake manambala amene munthu anayesera pa Chingerezi sindimawakhulupirira ndisanawayese pa chinenero chathu.

Nditaona kuti kusiyanasiyana kwa pa 0.8 kukundikwanira, ndinasiya `temperature` pamenepo ndipo ndinatsitsa `top_p` yokha, kuti ichotse matokeni osayembekezereka amene ankabweretsa mawu achilendo apo ndi apo:

```
temperature = 0.8
top_p = 0.9
```

Nditayesa kuitsitsa mpaka 0.5, timawu tija tinayambanso kufanana monga mmene tinalili pa `temperature` yotsika, choncho ndinabwerera pa 0.9. Manambala amenewa ndi a modelo imene tikugwiritsa ntchito yokha, chifukwa makampani ena amalola `temperature` kufika pa 2, ena pa 1 pokha, ena salola kuika ziwirizi pamodzi, ndipo mamodelo ena atsopano salola n'komwe kuzisintha. Ndinalemba dzina la modeloyo ndi manambala ake m'fayilo imodzi ndi mauthenga oyesera aja, kuti tsiku limene shopu idzasinthe modelo tidzayambirenso kuyesa pa mauthenga omwewo, ndipo timawu totsatsa alamu amayamba atiwerenga okha tisanatumizidwe kwa makasitomala.